Tebulo la mlombwa lisanapalidwe

Kalipentala wina wa pa boma la Chadiza, amene ndimamutcha kuti amalume, analandira oda ya tebulo lodyera la mlombwa. Kasitomala wake anali ku Chipata, ndipo anakana kutumiza ndalama asanaone chimene akugula. Matabwa anali asanachekedwe n'komwe. Ndiye ndinatsegula Blender, pulogalamu yaulere ija imene inamasulidwa kwa aliyense mu 2002, ndikuumba tebulo la mamita 1.8 m'litali, masentimita 90 m'lifupi, 75 msinkhu. Chithunzi chimene kompyuta imatulutsa kuchokera ku chinthu choumbidwa chotere timachitcha renda.

Amalume atayang'ana renda yoyamba anapukusa mutu. «Iwe, ili ndi tebulo la pulasitiki.» Sananame ayi, ngakhale miyeso yonse inali yolondola.

Ndinalakwitsa pa zimene timati matiriyo. Ongoyamba kumene amaganiza kuti matiriyo ndi mtundu basi, kufiira kapena kuderako. Koma mawuwa amatanthauza zonse zimene chinthu chimachita kuwala kukachigwera: kumene chimameza, kumene chimabweza, ndi mmene chimabwezera. Mu Principled BSDF, mtundu uli pa Base Color, ndipo pamenepo ndinaika chithunzi cha thabwa lenileni chimene ndinajambula pamthunzi kuseri kwa shopu. Malo amene ndinanyalanyaza ndi Roughness, kukhakhala kwa pamwamba. Pa 0 chinthu chimanyezimira ngati kalilole, pa 1 chimazimirira ngati choko, ndipo Blender amayambira pa 0.5, pakatikati, pomwe zinthu zambiri zimaoneka ngati beseni la pamsika. Ndinafunsa amalume kuti adzapaka chiyani. Anati vanishi yonyezimira, makoti atatu. Ndinatsitsa Roughness kufika cha pa 0.2, ndipo pamwamba pa tebulo panayamba kuoneka chithunzithunzi cha windo. Metallic ndinasiya pa 0, chifukwa mtengo si chitsulo, ndipo nambalayi imakhala 0 kapena 1 pafupifupi nthawi zonse.

Panalinso zina ziwiri zimene diso la kalipentala linagwira msanga kuposa langa. Mizere ya thabwa pamiyendo inali itagona chopingasa, pomwe palibe mmisiri amene angacheke mwendo chotero, popeza ungathyoke. Ndinaitembenuza kuti itsike ndi mwendo. Chachiwiri, ngodya zinali zakuthwa ngati lumo. Thabwa lodutsa pa sandipepala silikhala choncho. Nditaika Bevel ya mamilimita awiri, m'mphepete monse munagwira kamzere kowala, ndipo kamzere kameneko ndi kamene kamauza diso kuti chinthuchi chikhoza kugwiridwa ndi dzanja.

Vanishi ikanyezimira, chimene ukuona ndi nyale imene ikuiwalira. Nchifukwa chake matiriyo sungaiweruze usanakonze kuwala. Apa mawu ofunika ndi Size, kukula kwa nyale, osati mphamvu yake yokha. Nyale yaing'ono imapereka mthunzi wakuthwa m'mphepete, ngati wa dzuwa la masana mu Okutobala. Yaikulu imapereka wofewa, ngati kunja kukachita mitambo. Ndinaika nyale ya mtundu wa Area ya mamita awiri chakumanzere ngati windo, ndi ina yofooka kudzanja lamanja kuti kunsi kwa tebulo kusade bii. Ukaona tebulo ngati likuyandama m'mwamba, yang'ana pamene miyendo yakhudza pansi. Kamthunzi kakuda ka pamenepo kakasowa, ndiye kuti kuwala kwachuluka mbali zonse, kapena miyendo sinafike pansi.

Kamera ndi imene imanama mosavuta. Focal Length ya mamilimita 24 imakukakamiza kuyandikira, ndipo mbali yapafupi imakula pomwe yakutali ikuchepa, tebulo la anthu asanu ndi mmodzi n'kuoneka ngati la pa ukwati. Ndinasankha 70, ndikubweza kamera m'mbuyo, pa msinkhu wa mamita 1.5 ngati maso a munthu woimirira, chapangodya kuti pamwamba ndi mbali ziwiri zioneke pamodzi. Ndinaikapo mpando umodzi ndi mbale ya nsima, kuti wogula ayese kukula ndi zinthu zimene amazidziwa.

Renda yomaliza ya Cycles inatuluka ndi timadontho ngati mchenga m'mithunzi, chizindikiro choti Samples achepa. Ndinawonjezera, ndikuyatsa Denoise, ndikupemphera kuti magetsi asazime.

Tisanatumize pa WhatsApp, amalume anandigwira mkono. Mlombwa sufanana, anatero, thabwa lina limafiira, lina limapita chakugolide, ndipo lam'mbali mwa mtengo limayera. Ine ndinali nditabwereza thabwa limodzi lokongola patebulo lonse, pomwe iwo adzalumikiza matabwa anayi osiyana. Tinapita kukajambula anayi enieniwo pamene anawaunjika, ndipo ndinaika lililonse pamalo pake, ndi kamzere koyera kamene kanali pa lachitatu. Wa ku Chipata anaona kamzereko, anafunsa ngati kangatembenuzidwire kunsi, amalume anavomera, ndipo madzulo ake anayamba kupala.