Mphukira

Mphukira ndi kanthambi kanthete kotuluka pachitsa, mtengo utadulidwa kapena utapsa ndi lupsa. Mawuwa amachokera ku mneni kuphuka. Mbewu yofesedwa imamera, koma mphukira imadalira mizu yakale imene idakali ndi moyo pansi.

Achinyamata a ku Glen View mu Harare, makamaka zidzukulu za Amalawi amene adapita ku Zimbabwe kukagwira ntchito, atati ayambitse kalabu yophunzitsana ukalipentala, ine ndingawasankhire dzina limeneli. Msika wa mipando wa Area 8 ku Glen View komweko wakhala ukupsa kangapo, ndipo amisiri amabwerera ndithu kukakhomanso misasa yawo. Chiyembekezo cha mtundu umenewu dzinali likuchinyamula lokha, osachita kuchitchula. Pamene likuperewera mpakuti silinena ntchito, choncho pachikwangwani alembe pansi pake kuti “achinyamata aluso la matabwa”.

Nanga chidule? YONECO ya ku Zomba imakoma pakamwa chifukwa imatchulika ngati mawu enieni: yo-ne-ko. MYC, chidule cha Mphukira Youth Club, mpaka uwerenge chilembo chimodzichimodzi, ndipo tanthauzo lonse lathawa. Mphukira ndi maphatikizo atatu basi, ofanana ndi a YONECO. Dzinali lisafupikitsidwenso.