Za ma noti a Ilala

Anzanga a kunyanja, kuno ku Nkhamenya komwe ndikusankha fodya, wina wanditsutsa kuti noti imodzi ndi kilomita imodzi pa ola. Ayi ndithu.

Noti ndi mfundo ya chingwe. Kalekale amalinyero ankaponya kathabwa m'madzi, chingwe cha mfundo nkumasomphoka, wina akuyang'ana mchenga wa m'kabotolo kwa masekondi pafupifupi 28. Mfundo zimene zadutsa m'manja, ndilo liwiro lake. Ndinakumbuka bambo akuyeza kuya ndi mikwamba.

Mailosi ya panyanja inkasiyana dziko ndi dziko, koma mu 1929 ku Monaco anagwirizana mamita 1,852. Ndege nazonso zimawerenga momwemo. Choncho chulukitsani ndi 1.852 basi.

Tiyerekeze Ilala, ija inayamba kuyenda mu 1951, ikuthamanga ma noti 10. Ndi makilomita 18.5 pa ola. Nyanja yathu, yotalika pafupifupi makilomita 580, ingaidutse m'maola 31 osaima padoko.

Msampha ndi mailosi ya pamsewu, ya mamita 1,609. GPS ikati mailosi 20, iwe nkuwerenga makilomita 32, pomwe ali 37. Asanu otsalawo mupalasa ndi nkhafi, mafuta atatha.