Kusala chakudya modumphadumpha: zomwe anthu akunena, zomwe kafukufuku wapeza, ndi anthu oyenera kukupewa

Kusala chakudya modumphadumpha ndi kadyedwe komwe munthu amaika maola kapena masiku osadya, kenako n'kudya pa nthawi yotsalayo. Lamulo lake lili pa wotchi: silikuuza munthu kuti adye chiyani, likungomuuza nthawi yodyera. Mauthenga ambiri omwe akuyenda m'mafoni akuti kadyedwe kameneka kamasungunula mafuta, kamachiritsa shuga, kamatsuka thupi ndi kutalikitsa moyo. Popeza ife Asilamu tinazolowera swaumu, ena mwa ife akulandira mauthengawa mosafunsa, poganiza kuti sayansi yavomereza zomwe tinkachita kale. Nkhaniyi ikufunika kuiona modekha.

Njira zake zodziwika zilipo zitatu. Yotchuka kwambiri imatchedwa 16:8, kutanthauza maola 16 osadya ndi maola 8 odyera, mwachitsanzo kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku. Ina ndi 5:2, yomwe inafala kuchokera ku Britain mu 2012 kudzera pa pologalamu ya kanema ya dokotala Michael Mosley: masiku 5 munthu amadya monga mwa nthawi zonse, masiku 2 amadya pang'ono zedi, makalori 500 kwa mkazi ndi 600 kwa mwamuna. Kalori ndi muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka, ndipo munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku. Yachitatu ndi yodumphitsa tsiku, lero kudya, mawa kusala kapena kungolawa.

Pa njira zonsezi madzi amaloledwa, ngakhalenso tiyi wopanda shuga ndi mkaka. Apa pokha pakuonetsa kuti si swaumu. Swaumu ndi ibada yokhala ndi niya, yoyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, yopanda chakudya kapena chakumwa, ndipo kuno ku Malawi imatenga maola pafupifupi 13 kapena 14. Kusala kwa Lolemba ndi Lachinayi kumaoneka ngati 5:2, ndipo swaumu ya Mneneri Daudi (mtendere ukhale pa iye) imaoneka ngati yodumphitsa tsiku, koma kufananako ndi kwa pa kalendala pokha. Ibada imayima pa lamulo la Allah, siidikira kuti sikelo iivomereze. Tikaimangirira pa kafukufuku wa chaka chino, tidzasowa chonena kafukufuku wa chaka chamawa akadzanena zina.

Zomwe zimachitika m'thupi munthu akasiya kudya n'zodziwika bwino. Tikadya nsima kapena mpunga, shuga amakwera m'magazi, ndipo kapamba amatulutsa insulini kuti shugayo alowe m'minofu, wina n'kusungidwa m'chiwindi. Pakapita maola osadya, insulini amatsika ndipo thupi limayamba kutapa nkhokwe ya m'chiwindiyo. Nkhokweyo ikachepa, kawirikawiri pakatha maola 12 kapena kuposa apo, thupi limatsamira kwambiri pa mafuta. Izi n'zoona, koma mafuta omwe atapidwa m'mawa akhoza kubwezeredwa onse madzulo ngati mbale yakula. Komanso shuga wosungidwayo amasungidwa pamodzi ndi madzi ambiri, motero kilo imodzi kapena awiri omwe amachoka sabata yoyamba ambiri mwa iwo amakhala madzi. Anthu amasangalala msanga pa chifukwa chimenechi.

Mawu oti kusala kumatsuka thupi amachokera pa chinthu chenicheni chotchedwa otofaji, pomwe tizigawo ta thupi timaphwanya zinthu zotha ntchito za m'kati mwake n'kuzigwiritsanso ntchito. Mu 2016 katswiri wa ku Japan, Yoshinori Ohsumi, analandira mphotho ya Nobel pa nkhani imeneyi. Koma ntchito yake anaichita pa yisiti, yomwe ija timafufumitsira mandasi, osati pa anthu osala maola 16. Zambiri zonena za kutalika kwa moyo zinapezeka pa mbewa zoweta m'nyumba zofufuzira. Thupi la mbewa limagwiritsa ntchito chakudya mwachangu kwambiri, kotero kuti tsiku limodzi losadya kwa iyo ndi njala yaikulu yosafanana ndi tsiku limodzi la munthu. Zopezeka pa mbewa zimangolozera poyambira kufufuza.

Funso lomwe limathetsa mkangano ndi ili: tikatenga anthu awiri odya muyeso wofanana, wina modumphadumpha, wina nthawi iliyonse, kodi wodumphayo amapindula china chapadera? Ofufuza a ku Guangzhou, m'dziko la China, anayesa zimenezi ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022. Anatenga anthu 139 onenepa kwambiri n'kuwagawa pawiri mwa mayere. Onse anauzidwa kuchepetsa chakudya mofanana, amuna makalori 1,500 mpaka 1,800 pa tsiku, akazi 1,200 mpaka 1,500. Gulu limodzi linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo basi, linalo linkadya nthawi yomwe lafuna. Patatha miyezi 12, a gulu la wotchi anali atatsika ndi makilo 8.0, enawo makilo 6.3. Poyang'ana mwachangu zikuoneka ngati wotchi yapambana, koma anthu a m'gulu lililonse anatsika mosiyana kwambiri, moti kusiyana kwa magulu awiriwo kunali koti kukanatha kubwera mwangozi. Pa mafuta a m'thupi, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Chomwe chinatsitsa anthu onsewo ndi kuchepetsa chakudya.

Kafukufuku wina wa ku America, wa mu 2020, anayesa 16:8 popanda kuuza anthu kuti achepetse chakudya. Anthu 116 anatsatidwa kwa masabata 12. Osala anatsika ndi pafupifupi 0.9 ya kilo, odya katatu pa tsiku pafupifupi 0.7. Mwa omwe anayezedwa thupi mwatsatanetsatane, gawo lalikulu la zomwe osalawo anataya silinali mafuta, chinthu chomwe chinadzutsa nkhawa yoti mwina minofu ndiyo imatha. Ndipo ku Chicago, mu 2017, pa anthu 100 omwe anatsatidwa kwa chaka, njira yodumphitsa tsiku sinapose kuchepetsa chakudya tsiku lililonse, koma ndiyo yomwe anthu ambiri anaisiyira panjira.

Tiyeneranso kuchita chilungamo ku mbali inayo. Mu Malichi 2024 kunamveka nkhani yoopsa yoti odya m'maola osakwana 8 ali pa chiopsezo chokwera ndi 91 peresenti cha kufa ndi nthenda ya mtima. Umboni umenewunso ndi wofooka. Unachokera pa zomwe anthu anakumbukira kuti anadya m'masiku awiri okha, ndipo munthu wodwala kale akhoza kumadya kamodzi pa tsiku chifukwa cha matendawo. Pa muyeso womwe tikukanira malonjezo aja, tiyenera kukaniranso chiopsezo chimenechi.

Tsono kwa munthu wamkulu wathanzi amene akufuna kutsitsa thupi, 16:8 ndi njira imodzi mwa zingapo zochepetsera chakudya. Amene wasiya tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi mandasi awiri m'mawa, osawonjezera mitanda ya nsima madzulo, adzatsika. Amene akulipsira pa mgonero sadzatsika, monga tikudziwira tonse za anthu omwe amatuluka m'mwezi wa Ramadhani atanenepa chifukwa cha futari ya zokazinga ndi zakumwa zotsekemera. Masiku oyamba mutu umatha kuwawa, munthu amakwiya msanga, ena amadzimbidwa kapena kusowa tulo.

Pali anthu omwe kwa iwo nkhani si ya kupindula kapena kusapindula, koma ya ngozi. Oyamba ndi odwala shuga omwe amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a gilibenkilamaidi, omwe amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu. Mapiritsi amenewa amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye. Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 50 amene wamva kuti kusala kumachiritsa shuga. Wadya mgonero 8 koloko usiku, m'mawa 7 koloko wamwa piritsi lake monga mwa masiku onse, koma chakudya akudikira 12 koloko. Ali m'munda kapena pa njinga cha m'ma 10 koloko, manja ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, maso kuchita chidima. Shuga watsika kupitirira 70 mg/dL, womwe pa makina ena amaoneka ngati 3.9 mmol/L. Akaumirira kuti akwanitse maola ake, chotsatira ndi kusokonezeka mutu, kulankhula ngati woledzera, kukomoka, ngakhale imfa. Chofunika pomwepo ndi masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kudikira mphindi 15, kubwereza ngati sizinasinthe, kenako kudya chakudya chenicheni. Mphamvu ya mapiritsiwa imakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kutsikanso, choncho apite kuchipatala tsiku lomwelo. Wokomoka asamwetsedwe kanthu, angatsamwe. Agonekedwe cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Omwe amamwa metifomini yekha sakhala pa ngozi yaikulu chotere, komabe nthawi ya mankhwala siisinthidwa popanda dokotala.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asayese, chifukwa thupi lawo likudyetsa anthu awiri. Ana ndi achinyamata omwe akukula asayesenso, ndipo apa aphunzitsi ndi makolo tikhale maso. Mtsikana wa kusekondale amene wayamba kudumpha chakudya, kubisa mbale, kudziyeza pafupipafupi ndi kudziona wonenepa pomwe akuonda, akhoza kukhala ndi nthenda yoopa kudya. Nthendayi ndi yeniyeni ndipo imapha, ndipo kusala modumphadumpha kumaipatsa dzina labwino lobisalamo. Kwa ana athu swaumu ya sunna nayonso ikhoza kukhala pobisalira. Aliyense amene anadwalapo motere, kapena amene amadya mosadziletsa akatha kudzimana, asayandikire njirazi.

Enanso ndi anthu owonda kale, omwe ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena akuchira matenda aakulu, ndi okalamba ofooka omwe minofu ikatha amagwa msanga. Odwala impso, omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kumamva chizungulire akaimirira, ndi omwe mankhwala awo amafuna chakudya, ayambe afunsa kuchipatala.

Pa anthu amenewa chipembedzo sichitsutsana ndi dokotala. Ngakhale pa swaumu yokakamizidwa ya Ramadhani, Kurani mu Surati Bakara, ndime 184 ndi 185, ikupereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masiku ena. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa maswahaba kulumikiza swaumu usana ndi usiku osamasula, analimbikitsa kudya daku, ndipo Abdullah bin Amr atafuna kusala masiku onse anam'bweza, namuikira swaumu ya Daudi kukhala malire. Wodwala shuga amene akufuna kusala Ramadhani akaonane ndi achipatala kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri, kuti aone ngati angathe ndi kumukonzera muyeso ndi nthawi ya mankhwala. Kuyeza shuga pobaya chala masana, malinga ndi maulama ambiri, sikumasula swaumu.