Maikulosikopu atatu amene anaona zimene utoto unalephera kuonetsa

Chiyambire 1884, pamene Hans Christian Gram anatulukira njira yake yopaka tizilombo utoto, madokotala akhala akudalira utoto kuti aone mabakiteriya. Koma utoto umapha chimene ukuonetsa, pakuti kachilombo kamayamba kaumitsidwa pagalasi. Komanso tizilombo tina n'toonda kwambiri moti utoto wa Gram sutionetsa. Kachilombo ka chindoko, kamene Schaudinn ndi Hoffmann anakapeza mu 1905, n'kotero: kunenepa kwake sikufika maikulomita 0.2, amenenso ndi malire a zimene kuwala kungasiyanitse.

Mu 1906, ku Vienna, Landsteiner ndi Mucha anakayang'ana ndi maikulosikopu yoonera mumdima. M'chipangizochi kuwala kochokera pansi kumatsekedwa pakati, ndipo kumangofika chammbali. Lenzi imalandira kuwala kokhako kumene kwagunda chinthu n'kumwazika. Madzi a pachilonda akaikidwa pagalasi, kachilomboko kamaoneka ngati kaulusi koyera kopotana pamdima wa bii, kakuzungulira ndi kupindika pakati. Kayendedwe kameneko ndiko kamakaulula, n'chifukwa chake madziwo ayenera kuyang'anidwa pasanathe mphindi pafupifupi 20. Njirayi ili ndi misampha yake. Fumbi la pagalasi limawalanso, ndipo zilonda za m'kamwa siziyezedwa motere chifukwa m'kamwa mumakhala tizilombo tina tofanana nako tosayambitsa chindoko.

Mdima unkaonetsa m'mphepete mwa chinthu, m'kati ayi. Frits Zernike wa ku Groningen anathetsa vutoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Kuwala kukadutsa mu selo kumachedwa pang'ono, koma diso silizindikira kuchedwako. Iye anaika mu lenzi kamphete kamene kamasandutsa kuchedwako kukhala mthunzi wooneka, ndipo njirayi amaitcha fezi kontirasiti. Kampani ya Zeiss poyamba sinailabadire, mpaka 1941, koma Zernike analandira mphoto ya Nobel mu 1953. Tsopano munthu ankatha kuonerera selo lamoyo likugawikana, makolomozomu akupatukana, popanda dontho la utoto. Chilema chake ndi mkombero wowala umene umazinga chinthu chilichonse, moti chinthu chochindikala chimangooneka mbuu.

Njira ziwirizi sizinadumphe malire a kuwala. Amene anawadumpha ndi Ernst Ruska ndi Max Knoll, omwe mu 1931 ku Berlin anapanga maikulosikopu ya maelekitironi. Pofika 1939 inali itaonetsa vairasi yoyambitsa mawanga m'masamba a fodya. Pambuyo pake inaonetsanso kuti timichira ta kachilombo ka chindoko tili m'kati, pansi pa khungu lake lakunja, ndipo ndi timene timakazunguza. Komatu maelekitironi amayenda mopanda mpweya, choncho chinthucho chimaumitsidwa ndi kukutidwa ndi zitsulo zolemera, kapena kuziziritsidwa mpaka kuuma gwaa. Wofuna kudziwa mmene kachilombo kanapangidwira apite ku maelekitironi, koma wofuna kukaona kakuyenda akhalebe ndi maikulosikopu ya kuwala.