Muyeso wa Centor

Muyeso wa Centor ndi kawerengedwe ka zizindikiro zinayi kothandiza dokotala kulingalira ngati zilonda zapakhosi zayamba ndi bakiteriya wa sitireputokokasi. Dzinali ndi la Robert Centor, dokotala wa ku America amene anaufalitsa mu 1981. Chizindikiro chilichonse ndi pointi imodzi: kutentha thupi kupitirira madigiri 38, mafinya kukhosi, mwanabele wowawa pakhosi, ndi kusatsokomola, chifukwa chifuwa kawirikawiri chimabwera ndi mavairasi.

Mwana akapeza mapointi atatu, amamupukuta kukhosi ndi kathonje n'kuyeza pomwepo. Zotsatira zimatuluka m'mphindi zochepa, ngakhale nthawi zina zimaphonya. Bakiteriyayo akapezeka, mwana amwe penisilini masiku 10 osadukiza. Akapanda kuthandizidwa, pakatha milungu iwiri kapena itatu angadwale nyamakazi yotupitsa mfundo, imene imatha kuwononga zitseko za mtima moyo wonse.