Msintho wa aneni: mmene -ir- ndi -its- amasinthira chiganizo

Msintho wa mneni ndi kachidutswa kamene kamalowa pakati pa muzu wa mneni ndi lembo lotsiriza -a, monga -ir- mu "phikira" kapena -its- mu "phikitsa". Misintho yotere imapezeka m'zinenero zambiri za Chibantu, ndipo yambiri mwa iyo ntchito yake yaikulu ndi kuwonjezera kapena kuchepetsa chiwerengero cha mayina amene mneni angayende nawo.

Maonekedwe ake amatsata lembo la liwu limene latsogola. Pambuyo pa a, i kapena u pamabwera i: mangira, limitsa, gulidwa. Pambuyo pa e kapena o pamabwera e: lembera, gonetsa, onedwa. Aneni aafupi ngati "dya" ndi "gwa" amatenganso e, n'chifukwa chake timati "dyetsa" ndi "gwera".

Msintho wa -ir- ndiwo uli ndi nkhani zambiri. Chiganizo chakuti "Mayi aphika nsima" chili ndi mwininkhani mmodzi ndi pamtherankhani mmodzi, ndipo munthu sangangoponyamo dzina lina n'kunena kuti "Mayi aphika ana nsima". Koma -ir- akalowa, malo atsopano amatseguka: "Mayi aphikira ana nsima". Wolowa m'malo amenewa si nthawi zonse amakhala wopindula, pakuti yemwe "amubera njinga" alibe choti athokoze. Dzina latsopanolo likhozanso kukhala chipangizo (mpeni wosendera mbatata), malo (adyera panja) kapena chifukwa (akulirira nyama).

Chochititsa chidwi n'chakuti mlendoyu amalanda malo a pamtherankhani woyamba uja. Mwa "ana" ndi "nsima", oyandikana ndi mneni ndi ana. Kachizindikiro kolowa m'kati mwa mneni nakonso n'ka ana: "Mayi awaphikira nsima". Tikatembenuza chiganizo ndi -idw-, amene amakhala mwininkhani ndi ana omwewo: "Ana aphikiridwa nsima". Koma "Nsima yaphikiridwa ana" sichimveka bwino m'Chichewa chimene anafotokoza Sam Mchombo, Mmalawi amene pa nthawiyo ankaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley, m'buku lake la 2004 la The Syntax of Chichewa. Mu 1990 Joan Bresnan ndi Lioba Moshi anasonyeza kuti Chichaga, chinenero cha m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, chimalola lililonse la mayina awiriwo kukhala mwininkhani. Choncho akatswiri amagawa zinenero za Chibantu pawiri pa nkhani imeneyi, ndipo Chichewa chimatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha zinenero zimene zimakondera pamtherankhani mmodzi.

Msintho wa -its- nawo umawonjezera dzina, koma pamalo a mwininkhani. Mu "Anyamata alima munda" olima ndiwo eninkhani. Mu "Agogo alimitsa anyamata munda" mwininkhani watsopano ndi agogo, ndipo anyamata atsikira pamalo a pamtherankhani, kotero tingati "awalimitsa" kapena "Anyamata alimitsidwa munda". Pali njira inanso: "Agogo alimitsa munda kwa anyamata". Apa nkhani yagona pa munda, anyamata angokhala ogwira ntchitoyo, ndipo atha kuchotsedwa chiganizo osawonongeka: "Agogo alimitsa munda".

Si -its- aliyense amene ali wochititsa. Munthu akauzidwa kuti "gwiritsa chingwecho chingakupulumuke", palibe wina amene walowa m'chiganizo. Kugwirako kwangokula mphamvu. Njira yosiyanitsira n'kuwerenga mayina: ngati sanawonjezeke, msinthowo ndi wotsindika chabe.

Misintho ina imachotsa mayina. "Mbale yaswedwa ndi mwana" imamusiyirabe malo wochita, pomwe "Mbale yasweka", ya msintho wa -ek-, imamubisiratu (ana amaudziwa msanga msintho umenewu). Nawo -an- amameza pamtherankhani: "Atambala akujomphana".

Misintho ikakumana pa mneni mmodzi siingoima mwachisawawa. Larry Hyman anafotokoza mu 2003 kuti zinenero za Chibantu zimakonda mndandanda woyamba ndi wochititsa, kenako -ir-, kenako -an-, pomaliza -idw-. M'Chichewa -its- amatsogolera -ir-, monga mu "Atimangitsira nyumba", ndipo mu "mangitsirana" mwalowa misintho itatu motsatana chomwecho. Komabe -its- ndi -an- atha kusinthana malo, tanthauzo n'kusinthira pomwepo. "Kumenyanitsa ana" ndi kuchititsa kuti anawo amenyane, pomwe ana "akamenyetsana" aliyense wachititsa kuti mnzake amenyedwe kapena amenye wina. Mu "menyanitsa" wochititsa wabwera ngati -its- osati -ets-, chifukwa lembo la liwu limene wayandikana nalo tsopano ndi a wa mu -an-.