Kuyeza giza imene ikugwetsa buleka

Giza yapakhoma imatenthetsa madzi ndi elementi, kachubu kachitsulo komira m'madzimo. M'kati mwa kachubuko muli waya wotentha, wokutidwa ndi ufa woyera umene umadutsitsa kutentha koma sulola magetsi kufika pachitsulo. Madzi a pamjigo kawirikawiri amasiya laimu pachubu. Pamene wamatapo pamatentha kwambiri mpaka kung'aluka, ufa uja n'kunyowa. Apo magetsi amayamba kuthawira ku thupi la giza ndi ku waya wopita m'nthaka, uja wobiriwira ndi wachikasu.

Choyamba n'kuona chimene chagwa pabolodi. Buleka yolembedwa MCB imagwa magetsi akachuluka mopyola mphamvu yake kapena mawaya akagundana. Yolembedwa RCD, yokhala ndi batani loyesera, imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo ya 30 mA imagwa kusiyanako kukangofika pamenepo. Elementi yong'aluka nthawi zambiri imagwetsa yachiwiriyi, mwina nthawi yomweyo, mwina ikayamba kutentha.

Woyeza amazimitsa magetsi pabolodi, n'kutsimikiza ndi mita kuti pagiza palibe moto, kenako amachotsa mawaya onse awiri a elementi. Kuchotsa mmodzi yekha kumasokoneza muyeso, chifukwa mita imawerenganso zina zolumikizidwa ku waya wotsalayo.

Muyeso woyamba ndi wa pakati pa mapini awiri a elementi, ndipo zoyembekezera zimachokera pa R = V² ÷ P. Pa mavoti 230, elementi ya mawati 3,000 iyenera kuonetsa maomu pafupifupi 17.6, pomwe ya mawati 2,000 imaonetsa cha m'ma 26. Mita ikalemba OL, waya wam'kati waduka. Ikaonetsa pafupi ndi 0, wagundana.

Koma elementi ikhoza kuonetsa 17.6 bwinobwino ikugwetsabe buleka, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Muyeso wofunika ndi wa pakati pa pini ndi chitsulo cha chubu. Mita wamba imayeza ndi mavoti ochepa a batire, choncho mng'alu waung'ono imatha osauona. Pamafunika mega, chipangizo chimene chimaponya mavoti 500 poyeza. Elementi yabwino imaonetsa mamegaomu ambiri, ndipo yotsika kuposa megaomu imodzi njowonongeka. Tinene kuti mega yaonetsa maomu 6,000: kugawa 230 ndi 6,000 kumapereka pafupifupi 38 mA, zopyola 30 mA ija. Elementi yotere sikonzeka. Amakhuthula madzi, n'kuikamo ina pamodzi ndi gasiketi yatsopano, ndipo giza iyenera kudzaza asanayatse, apo ayi yatsopanoyo ipsa.

Elementi ikapezeka yabwino, amayang'ana themositati, gasiketi yodontha imene imanyowetsa mawaya, ndi chingwe chochokera kubolodi. Ena amangolumphitsa RCD kapena kudula waya wam'nthaka kuti giza iyake. Kutero n'kusiya magetsi othawawo kuti adzere m'mipope ndi mwa munthu amene akusamba.